Manotsi a Lachiwiri, ndi Mafunso Anga a Umbuli

Manotsiwa ndi a anzanga nonse a m'gulu lathu lowerengera limodzi. Achemwali amene munali kumaliro Lachiwiri, pepani kwambiri, ndipo takulandirani. Phunziro limene linakudutsani ndi la mwana wotsekula m'mimba amene madzi akutha m'thupi mwake, momwe tingamuzindikirire ndi kuchuluka kwa madzi oti timupatse. Ndalikonza kuchokera pa zithunzi za kope la mnzathu wokhala kutsogolo uja, kuphatikiza chithunzi cha zimene zinalembedwa pabolodi.

Zimene zili pa tsamba ndazilemba monga zilili. Zimene aphunzitsi ananena pakamwa, zomwe kamera singajambule, ndizitchula kuti ndi zapakamwa. Kwinako ndi mafunso anga. Mundipirire, ndi mafunso a mwana wa sitandade 1, koma safunsa anadya phula. Pokopera manambalawa ndinkangodzifunsa kuti, kodi nambala imeneyi yachokera kuti? Ena ndinakawafunsa aphunzitsi eni ake, ena asisita a ku wodi ya ana, ndipo mayankho awo ndawaika pomwepo.

Tsamba loyamba: kumuona mwana

Tsambali lagawa ana m'magulu atatu.

Madzi atha kwambiri, ngati pali ziwiri mwa izi: mwana ali lefu kapena wakomoka, maso alowa, sakutha kumwa kapena akumwa mofooka, khungu ukalitsina likubwerera mochedwa kwambiri, kupitirira masekondi 2. Ameneyu ndi wa Pulani C.

Madzi atha pang'ono, ngati pali ziwiri mwa izi: mwana sakukhazikika, akungolira, maso alowa, akumwa mwaphuma chifukwa cha ludzu, khungu likubwerera mochedwa. Ameneyu ndi wa Pulani B.

Ngati zizindikiro sizikukwana ziwiri, ndi wa Pulani A, wokasamalidwa kunyumba.

Funso langa loyamba ndi ili. Mwana amene akulanda kapu n'kumamwa mwaphuma, ndi mwana amene sakufuna n'komwe kumwa, wouma kwambiri ndani? Ine ndinkaona ngati ndi waludzuyo. Tonsefe timati munthu akauma kukhosi amafuna madzi. Nanga bwanji tsamba likuika wosamwayo pa gulu loopsa?

Aphunzitsi anati ludzu limafuna mphamvu. Kuti mwana amve ludzu, atambasule dzanja, ameze, ndiye kuti ubongo wake ukulandirabe magazi okwanira. Madzi akatha kwambiri magazi amachepa m'mitsempha, mwana amafooka, ndipo salimbananso ndi kapu. Choncho mwana amene amalira usiku wonse ndiye kenako wangoti zii, musathamangire kunena kuti wapeza bwino. Mudzutseni, mumupatse madzi, muone ngati akumeza.

Nanga n'chifukwa chiyani zikufunika ziwiri? Chimodzi sichikwana? Yankho lake n'lakuti chizindikiro chilichonse pachokha chimanama. Pali ana amene maso awo ndi olowa chibadwire. N'chifukwa chake timafunsa mayi kuti, "Amayi, maso a mwanayu amakhala chonchi masiku onse?" Pali ana onenepa amene khungu lawo limabwerera msanga ngakhale madzi atatha. Zizindikiro ziwiri zikagwirizana, m'pamene timakhulupirira.

Katsinidwe kake kali m'mphepete mwa tsamba, m'malemba ang'onoang'ono amene pachithunzi amangooneka ngati zokhwatcha. Tsinani pamimba, pakati pa mchombo ndi m'mbali, ndi chala chachikulu ndi cholozera, osati ndi nsonga za zala kapena zikhadabo. Khungu lopindikalo litsate kutalika kwa thupi, lisapingase. Gwirani sekondi imodzi, kenako siyani n'kuwerenga.

Ndinadabwanso kuti liwombo mulibe pa mndandandawu. Kwathu kumudzi mwana akatsekula m'mimba, agogo amayamba kugwira pamutu, ndipo akapeza liwombo lalowa amafuna mankhwala omata. Kodi agogo amalakwitsa? Asisita anati agogo amaona zoona, kungoti amachiza malo olakwika. Liwombo limalowadi madzi akatha m'thupi. Koma limatsekeka mwana akamakwana chaka ndi theka, ndiye silingatithandize kwa ana onse, ndipo zizindikiro zinayi zija zimakwanira popanda ilo. Mayi akakuuzani kuti liwombo lalowa, musamuseke. Wakuuzani kuti mwana akufunika madzi, ndipo ntchito yanu ndi kumuonetsa kuti mankhwala ake alowere kukamwa.

Tsamba lachiwiri: zimene zili m'paketi

Pa tsambali pali zinthu zinayi zimene zili m'paketi ya ORS, imene ambiri timangoitchula kuti Thanzi, yosungunula mu lita imodzi ya madzi aukhondo: mchere magalamu 2.6, gulukosi magalamu 13.5, mchere wa potaziyamu magalamu 1.5, ndi sitireti magalamu 2.9.

Mchere ndaumvetsa, chifukwa mwana amautaya m'chimbudzi. Potaziyamu nayenso amatayika chimodzimodzi. Koma shuga akufunamo chiyani? Kodi n'kungofuna kuti madziwo akome, mwana asakane?

Apa pakope panangolembedwa mawu awiri ndi muvi pakati pake, ndipo zonse zofunika zinali zapakamwa. M'khoma la matumbo aang'ono muli tinjira timene timalowetsa sodiyamu, wa mumchere uja, m'thupi. Kanjira kamodzi kali ngati minibasi ya pasiteji, siinyamuka isanadzaze: sodiyamu akakwera yekha imangoima, gulukosi akakwera nawo imanyamuka. Sodiyamu akawoloka kulowa m'magazi, madzi amamutsatira. Chosangalatsa n'chakuti ngakhale kolera, amene amachititsa matumbo kukhuthula madzi ochuluka, sawononga kanjira kameneka. Ndiye shuga uja ndi amene amachititsa kuti madzi omwedwawo alowe m'thupi m'malo mongodutsa.

Aphunzitsi anatiuza kumene zimenezi zinaonekera poyera. Mu 1971, pa nkhondo imene inabala dziko la Bangladesh, kolera anabuka pakati pa anthu othawa kwawo ku Bangaon, m'malire a India. Madzi a diripi anatha. Dokotala wina dzina lake Dilip Mahalanabis anayamba kusakaniza mchere ndi shuga m'migolo, abale a odwala n'kumamwetsa anthu awo ndi makapu. Imfa zinatsika kuchoka pa anthu pafupifupi 30 mwa 100 alionse kufika pa osakwana 4. Ifenso kuno kolera amene anayamba mu 2022 n'kupitirira mu 2023 anatisonyeza kufunika kwa paketi imeneyi.

Ndiye ndinafunsa mwaumbuli wanga: ngati shuga ndiye wothandiza, bwanji osawonjezera? Bwanji osangomugulira mwana fanta, poti ana amaikonda? Yankho lili pa kuchuluka. Mu lita ya ORS muli shuga magalamu 13.5 okha. Mu lita ya chakumwa cha m'botolo muli shuga wokwana magalamu pafupifupi 100, ndipo mchere uli ngati mulibe. Shuga wotsala m'matumbo amakoka madzi kuchokera m'thupi kulowa m'matumbomo, kutsekula n'kuwonjezeka. N'chifukwa chake mu 2002 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO pamodzi ndi UNICEF anachepetsa mchere ndi gulukosi m'paketi. Ana omwa madzi osungunukawo ankasanza pang'ono, chimbudzi chinkachepa, ndipo ofuna diripi anachepanso.

Funso lomweli lili ndi mbali ina. Mayi ali ndi botolo la theka la lita, ndipo akuganiza kuti akathiramo paketi yonse mankhwala akhala amphamvu. Vuto lili pati? Posungunula bwino, sodiyamu amakhala 75 pa muyeso wa mamilimolo pa lita. Madzi akachepa ndi theka amafika 150, kuposa wa m'magazi amene amakhala pakati pa 135 ndi 145. Mwana womwa zimenezo ludzu limakula, ndipo akhoza kukomoka n'kumagwedezeka thupi. Choncho werengani pa paketi kuti ndi ya madzi ochuluka bwanji, muonetseni mayi kuti lita imodzi ndi mabotolo awiri a theka la lita, ndipo otsala akatha maola 24 atayidwe.

Tsamba lachitatu: Pulani B

Pano pali nambala imene ikufunika maso. Mnzathu amalemba 7 wopanda kamzere, ndipo chithunzi chinagwedezeka pang'ono, ndiye ena mwa inu mukachiona muwerenga 15. Nambala yake ndi 75: mamililita 75 pa kilogalamu iliyonse ya mwana, m'maola anayi, akumwera kuchipatala komweko.

Koma tikadakhala opanda munthu womufunsa, tikadadziwa bwanji kuti ndi 75? Ndipo bwanji 75, osati 60 kapena 90? Funsoli ndi limene linanditsegula maso. Mwana wa gulu la B amakhala atataya madzi olemera pakati pa magawo 5 ndi 10 pa magawo 100 a thupi lake. Lita ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Ndiye pa kilogalamu iliyonse wataya mamililita pakati pa 50 ndi 100, ndipo pakatikati pake ndi 75. Tikungobweza zimene zatayika. Munthu wodziwa zimenezi sanganamizidwe ndi chithunzi chosaoneka bwino.

Tiyeni tiyese ndi chitsanzo chimene aphunzitsi analemba pabolodi. Mwana wa miyezi 10, wolemera makilogalamu 8, watsekula m'mimba masiku awiri. Akungolira, maso alowa, ukamupatsa kapu akulanda, khungu likubwerera mochedwa koma osakwana masekondi 2. Alibe magazi m'chimbudzi, ndipo si wonyentchera.

75 × 8 = 600 ml m'maola anayi

600 ÷ 4 = 150 ml pa ola

Tikadawerenga 15 tikadapeza mamililita 120 m'maola anayi onse, osadzaza n'komwe kapu ya tiyi, pamene mwanayo wataya pakati pa 400 ndi 800.

Nanga khanda lotopa, lomangolira, lingamwe bwanji mamililita 600? Kasipuni ka tiyi kamatenga mamililita pafupifupi 5. Mukapereka kasipuni kamodzi pa mphindi ziwiri zilizonse, pa ola ndi tisipuni 30, ndiye kuti mamililita 150. Zikukwana ndendende. Koma ndani akhale ndi kasipuni maola anayi, namwino ali ndi mzere wa odwala panja? Ndi mayi. Ntchito yathu ndi kumusungunulira, kumuonetsa mlingo wa ola limodzi pa kapu, kukhala naye pa tisipuni toyambirira, ndi kumabwera kudzaona ngati mlingo ukutsikadi. Mwana wokulirapo amwe ndi kapu pang'onopang'ono, ndipo akafuna owonjezera mupatseni.

Akasanza, tisiye? Ayi. Dikirani mphindi 10, kenako yambiraninso koma mochedwerapo, kasipuni pa mphindi zitatu zilizonse. Asisita anati zimene mwana amasanza nthawi zambiri zimachepera zimene zakhala m'mimba, kungoti pansalu zimaoneka zambiri. Bere lisasiyidwe, ayamwe nthawi iliyonse imene wafuna. Zikope zikatupa ndiye kuti wamwa mopitirira, imitsani ORS mumupatse bere kapena madzi wamba mpaka kutupako kuthe.

Maola anayi akatha mumuonenso kuyambira pachiyambi, zizindikiro zonse zinayi. Ngati zatha, apite pa Pulani A. Ngati zilipobe ziwiri za gulu la B, bwerezani Pulani B ndipo ayambe kudya. Ngati wafooka kapena wasiya kumwa, musadikire kuti maola anayi akwane, wafika pa Pulani C.

Chithunzi cha pabolodi: Pulani C

Chithunzichi chinadula mutu wa tebulo. Chikuonetsa mizere iwiri ya manambala ofanana koma nthawi zosiyana, popanda chonena kuti mzere uti ndi wa ndani. Munthu amene sanali m'kalasi akhoza kuganiza kuti ndi njira ziwiri zoti usankhepo. Mutu wodukawo ndi zaka za mwana. Tebulo lathunthu ndi ili.

Madzi onse ndi mamililita 100 pa kilogalamu, kudzera m'diripi, madzi a Ringer, kapena madzi a mchere a diripi ngati a Ringer palibe. Amaperekedwa m'zigawo ziwiri.

Khanda losakwana miyezi 12: mamililita 30 pa kilogalamu mu ola limodzi, kenako 70 pa kilogalamu m'maola asanu. Zonse pamodzi maola 6.

Mwana wa miyezi 12 mpaka zaka zisanu: mamililita 30 pa kilogalamu m'mphindi 30, kenako 70 pa kilogalamu m'maola awiri ndi theka. Zonse pamodzi maola atatu.

Nambala ya 100 tsopano ndaimvetsa, chifukwa wa gululi wataya magawo 10 kapena kuposa. Koma bwanji osangogawa mofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza? Chigawo choyamba chili ndi ntchito yake, kudzaza mitsempha msanga kuti magazi afike ku ubongo ndi ku impso. Chachiwiri chimabweza pang'onopang'ono madzi amene anachoka m'minofu. Ndipo khanda limapatsidwa nthawi yaitali chifukwa mtima ndi impso zake sizichedwa kulemedwa.

Tibwerere kwa mwana wathu wa miyezi 10 ndi makilogalamu 8. Tinene kuti tsopano ali lefu ndipo sakumeza.

30 × 8 = 240 ml mu ola limodzi

70 × 8 = 560 ml m'maola asanu

Funso langa linali lakuti, kuchipatala chopanda makina oyendetsa diripi, mamililita 240 pa ola timawaona bwanji ndi maso? Timawerenga madontho. Pa pepala lokutira chingwe cha diripi pamalembedwa madontho amene amapanga mililita imodzi. Tinene kuti ndi 20.

240 × 20 ÷ 60 = madontho 80 pa mphindi

560 × 20 ÷ 300 = madontho pafupifupi 37 pa mphindi

Zingwe zina za ana zimatulutsa timadontho 60 pa mililita. Mukawerengera ndi 20 chingwe chili cha 60, mwana alandira gawo limodzi mwa magawo atatu a madzi ake. Werengani pepalalo musanalitaye. Asisita anawonjezera kuti amalemba ndi cholembera pa thumba la diripi pamene madzi ayenera kufika ola lililonse, chifukwa madontho amasintha mwana akapinda mkono.

Muzimuona pa mphindi 15 mpaka 30 zilizonse kufikira mtsempha wa padzanja utayamba kugunda mwamphamvu. Ngati chigawo choyamba chatha koma kugundako kukadali kofooka kwambiri, chibwerezeni kamodzi. Akangoyamba kumeza, yambani ORS, mamililita 5 pa kilogalamu pa ola, diripi ikuyenda. Kwa mwana wathuyu ndi mamililita 40 pa ola. Ndinafunsa kuti amweranji pamene ali pa diripi. Chifukwa chake n'chakuti madzi a Ringer alibe shuga ndipo potaziyamu wake ndi wochepa, pomwe ORS ili nazo zonse ziwiri.

Ngati mtsempha sukupezeka ndipo chipatala chachikulu chili kutali kuposa mphindi 30, wophunzitsidwa aike kapaipi kodzera m'mphuno n'kupereka ORS mamililita 20 pa kilogalamu pa ola kwa maola 6.

Pamene panagwera mthunzi

Pansi pa tsamba la Pulani C pali mawu amene mthunzi wa dzanja la wojambula unawaphimba. Ndi mzere umodzi wokha, koma ndi umene ungaphetse mwana ukasowa. Ukunena kuti mapulani B ndi C si a mwana wonyentchera kwambiri.

Apa mutu wanga unaima. Mwana wowonda kwambiri, wofooka kale, ndiye wotsekulanso m'mimba, si ameneyo wofunika madzi msanga kuposa onse? Bwanji tikumumana?

Zifukwa zake n'ziwiri. Choyamba, zizindikiro zathu zija zimanama pa iye. Maso ake ndi olowa chifukwa mafuta a kuseri kwa maso anatha. Khungu lake silibwerera chifukwa pansi pake palibe mnofu. Ukhoza kumupeza ndi zizindikiro ziwiri madzi asanathe n'komwe. Chachiwiri, mtima wake nawonso ndi wowonda, ndipo thupi lake lasunga kale sodiyamu wochuluka pamene potaziyamu watha. Mukamuthira mamililita 100 pa kilogalamu, mtima umalephera kupopa, madzi amadzaza m'mapapo, mwana n'kumwalira diripi ili pamkono.

Ndiye tisanawerengere chilichonse, tiyeze mkono ndi kalamba kaja kwa mwana wa miyezi 6 kupita m'tsogolo. Ukachepera masentimita 11.5, kapena mapazi onse awiri akatupa moti ukadina chala pamatsala dzenje, mwanayo ali ndi njira yake. Amamwa madzi otchedwa ReSoMal, amene ali ndi sodiyamu wochepa ndi potaziyamu wochuluka, mamililita 5 pa kilogalamu pa mphindi 30 zilizonse m'maola awiri oyamba, kenako 5 mpaka 10 pa kilogalamu pa ola, mosinthanasinthana ndi mkaka wa kuchipatala wa ana onyentchera. Kupuma ndi kugunda kwa mtima zikayamba kuthamanga, imitsani. Diripi ndi ya amene wafika poti magazi sakuyenda bwino, manja ozizira ndipo mtsempha ukugunda mofooka, ndipo imeneyo ili ndi mlingo wake umene tidzaphunzire m'phunziro la kunyentchera. Wonyentchera amene ali ndi kolera samwa ReSoMal, amamwa ORS wamba, chifukwa kolera amataya mchere wochuluka.

Tsamba lomaliza: Pulani A

Malamulo ake ndi anayi: madzi owonjezera, zinki, kudya, ndi kudziwa nthawi yobwerera.

Mwana wosakwana zaka ziwiri amwe mamililita 50 mpaka 100 nthawi iliyonse akachita chimbudzi chamadzi, wa zaka ziwiri kupita m'tsogolo amwe 100 mpaka 200. Zinki, malinga ndi tchati chimene aphunzitsi anagwiritsa ntchito, ndi mamiligalamu 10 pa tsiku kwa wosakwana miyezi 6 ndi 20 kwa wokulirapo, masiku 10 mpaka 14.

Funso limene mayi aliyense adzatifunsa ndi lomwe inenso ndinali nalo: kodi Thanzi amaletsa kutsekula m'mimba? Saletsa. Amabweza madzi pamene matumbo akudzichiritsa okha, ndipo kutsekula kwambiri kwa ana kumatha pokha m'masiku ochepa. Chimene chimapha mwana msanga ndi kutha kwa madzi. Mayi tikapanda kumuuza zimenezi, mawa lake aona chimbudzi chikadali chamadzi, anena kuti mankhwala a kuchipatala sagwira ntchito, n'kupita kukagula makapisozi kugolosale. Maantibayotiki ndi a mwana amene ali ndi magazi m'chimbudzi, kapena woganiziridwa kolera amene madzi atha kwambiri, kapena amene ali ndi matenda ena apadera. Mankhwala omanga m'mimba saperekedwa kwa ana.

Nanga zinki amweranji masiku onsewo, ngati mwana wachira tsiku lachitatu? Zinki amafupikitsa matendawa, komanso amachepetsa mpata woti mwana atsekulenso m'mimba m'miyezi iwiri kapena itatu yotsatira. Phindu lachiwirili ndi limene limatayika mayi akasiyira panjira, choncho muuzeni chifukwa chake, musangomuwerengera mapiritsi.

Ndipo kudya? Kumudzi timamva kuti m'mimba mupume kaye. Ine ndinkaona kuti n'zomveka, poti chilichonse cholowa chikutuluka. Koma chakudya chambiri chimalowabe m'thupi ngakhale mwana akutsekula, ndipo khoma la matumbo limachira msanga likamalandira chakudya. Ayamwe pafupipafupi, ndipo wopitirira miyezi 6 adye phala lothira nsinjiro, nthochi yopota, pang'onopang'ono koma kawirikawiri. Mwana womanidwa chakudya nthawi iliyonse akatsekula m'mimba ndi amene amadzabwera miyezi ingapo kutsogolo kalamba kali pofiira.

Abwerere msanga kuchipatala ngati sakutha kumwa kapena kuyamwa, akumwa mofooka, matenda akukula, thupi latentha, kapena m'chimbudzi mwaoneka magazi. Kutsekula kukafika masiku 14 ndi vuto lina lofunika kufufuza. Ndipo mawu akuti "akungomera mano" asakulepheretseni kumuyeza.

Achemwali, phunziro lonse ndi limenelo. Tisanakumane Lachisanu, aliyense awerengere ana awiri awa payekha: khanda la miyezi isanu lolemera makilogalamu 6 pa Pulani C, madontho omwe, ndi mwana wa zaka ziwiri wolemera makilogalamu 12 pa Pulani B. Tidzafananitse mayankho, ndipo aliyense anene kumene nambala yake yachokera. Amene mudzajambule masamba ulendo wina, chonde mutu wa tsamba ndi m'mphepete mwake zizioneka, dzanja lisatchinge kuwala, ndipo muone chithunzicho musanabweze kope kwa mwini wake. Manotsiwa ndi owerengera mayeso. Mukaima pambali pa bedi la mwana, nambala muitenge pa tchati cha pakhoma la wodi, ndipo asisita aione diripi isanatsegulidwe.